Chitukuko chiweruzidwe ndi zomwe chinalonjeza



Kuyambira mu 1998, pomwe dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, ntchito ya chitukuko imayenera kudutsa m'manja mwanu, inu a makomiti a chitukuko. Imayambira ku komiti ya kwa gulupu, ija timaitcha VDC, kukwera ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, ADC, n'kukafika ku khonsolo. Makomitiwa amapempha zitukuko, amazilandira, ndipo pamapeto pake amayenera kunena ngati zagwira ntchito. Gawo lomalizali ndilo ndikufuna tiphunzitsane lero. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha mijigo chifukwa aliyense pano amaudziwa mjigo. Manambala a mudzi womwe nditchule ndi ongoyerekeza, kuti tione m'mene ntchitoyi imayendera, koma miyeso ndi njira zake ndi zenizeni.

Pulojekiti iliyonse yolongosoka imakhala ndi chikalata chonena zomwe ikufuna kukwaniritsa. M'chikalatamo mumakhala zizindikiro, ndiye kuti zinthu zotheka kuwerenga kapena kuyeza zomwe zidzatiuze ngati lonjezo lakwaniritsidwa. Chizindikiro chokwanira chimanena zinthu zinayi: chomwe chikuyezedwa, pomwe zinthu zinali ntchito isanayambe, pomwe tikufuna zifike, ndi tsiku lomwe ziyenera kufika pamenepo. Wochita kauniuni asanaponde kumudzi ayenera kukhala ndi chikalatachi m'manja, chomwe chinasainidwa pachiyambi penipeni. Pakapita chaka anthu amakumbukira lonjezo mosiyanasiyana, ndipo amene anayendetsa ntchito amalikumbukira mofanana ndi zomwe akwanitsa. Ngati chizindikiro chinasinthidwa pakati pa ntchito, funsani maminitsi a msonkhano womwe unavomereza kusinthako. Maminitsi akasowa, mawu oyamba aja ndiwo akugwira ntchito.

Tiyerekeze tsono dera la gulupu wina lomwe lili ndi mabanja 150, anthu pafupifupi 700. Muyeso womwe timagwiritsa ntchito kuno kwathu umati mjigo umodzi utumikire anthu 250, choncho pulojekiti inalonjeza mijigo itatu. Chikalata chake chili ndi zizindikiro zinayi. Choyamba, mijigo itatu ikumbidwe ndi kuikidwa mapampu pasanathe chaka. Chachiwiri, mabanja 80 pa 100 aliwonse azitunga madzi otetezeka pa ulendo wosapitirira mphindi 30, kuwerengera kupita, kudikira pamzere ndi kubwerako. Pachiyambi anali mabanja 30 okha pa 100. Chachitatu, mabanja atatu mwa anayi aliwonse azipereka ndalama ya mjigo mwezi ndi mwezi. Chachinayi, matenda otsekula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu atsike ndi theka.

Zizindikirozi sizilemera mofanana. Choyambacho chikungonena za ntchito yomwe yagwiridwa, ndipo n'chosavuta kutsimikiza: mukupita, mukuwerenga mijigo itatu, mukuyerekeza masiku ndi zikalata zoperekera ntchito. Malipoti ambiri amathera pomwepa, ndipo m'pamene komiti imasokeretsedwa, chifukwa palibe amene anapempha mjigo kuti azingouona. Zinazo zikunena za kusintha kwa moyo wa anthu, ndipo n'zomwe zimafuna khama.

Tiyambe ndi mphindi 30 zija. Nambalayi ndi yomwe mabungwe a WHO ndi UNICEF amagwiritsa ntchito powerengera banja kuti lili ndi madzi akumwa ofikirika. Kuti tiiyeze, sitingafunse anthu pa msonkhano wa mudzi, poti pagulu munthu amayankha zokondweretsa afumu ndi alendo. Sitingafunsenso okhawo omwe tawapeza pa mjigo, chifukwa amene mjigo wawatalikira kapena wawagwiritsa mwala sapezekapo, ali kumtsinje. Njira yabwino ndi kutenga kaundula wa mabanja onse 150, kusankha nambala imodzi pakati pa 1 ndi 5 mwa mayere, kenako kutenga banja lachisanu lililonse kuyambira pamenepo. Tipeza mabanja 30 omwe sanasankhidwe ndi mfumu, ndi wapampando, kapena ndi kufupika kwa njira. Mukapeza pakhomo palibe munthu, bwererani madzulo. Musalowe nyumba yoyandikana nayo, chifukwa kawirikawiri nyumba yopanda munthu masana ndi ya mayi amene wachedwa kumadzi, yemweyo amene tikufuna kumumva.

Pakhomopo lankhulani ndi amene amatunga madzi. Musamufunse ngati mjigo ukumuthandiza. Mufunseni kuti madzi ali mu ndowa yomwe ili m'nyumbayo anatunga kuti, ndipo anatunga liti. Za nthawi, anthu ambiri sanyamula wotchi popita kumadzi, choncho pa mabanja angapo yendani nawo ulendowo m'mawa, nthawi yomwe mzere umatalika, muli ndi wotchi kapena foni. Funso lifunsidwe monga linafunsidwira pa kafukufuku woyamba. Ngati poyamba anawerengera nthawi yodikira pamzere ndipo inu mwaisiya, nambala yanu idzaoneka bwino popanda china chilichonse chosintha m'mudzimo.

Tinene kuti mwa mabanja 30 aja, 18 akutunga pa mjigo mkati mwa mphindi 30. Ameneyo ndi 60 pa 100. Popeza tafunsa mabanja 30 okha, banja limodzi likuimira mbali zoposa zitatu pa 100, ndipo nambala yeniyeni ya mudzi wonse ikhoza kukhala penapake pakati pa 45 ndi 75. Malire amenewa tiyenera kuwanena poyera. Ngakhale zili choncho, tikhoza kuweruza molimba mtima, chifukwa 45 yomweyo ikuposa 30 wa pachiyambi, ndipo 75 sikufika pa 80 yemwe analonjezedwa. Zinthu zasintha ndithu, koma lonjezo silinakwane. Tikanapeza mabanja 23 kapena 25, tikanayenera kuyenda mabanja onse 150 tisananene kanthu, chifukwa kusiyana kukanakhala kochepa kwambiri.

Nambala 60 payokha sithandiza komiti kuchita kanthu. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Tibwerere kwa mabanja 12 otsala aja tione kuti ndi ati. Tikupeza kuti asanu amakhala kutsidya kwa mtsinje, komwe sikunakumbidwe mjigo. Asanu ndi awiri enawo onse amatunga pa mjigo wachiwiri, womwe uli pafupi ndi nyumba zawo, koma amatha ola lathunthu ali pamzere. Awa ndi mavuto awiri osiyana. Loyamba linabadwa tsiku losankha malo, ndipo mankhwala ake ndi pempho latsopano ku ADC. Lachiwiri lili mu mjigo mwenimwenimo, ndipo tiyenera kuuyeza.

Kuyeza mjigo sikufuna zida zodula. Mufunika ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Pampu ya Afridev, yomwe ili pa mijigo yambiri m'midzi mwathu, ikakhala bwino imadzaza ndowayo pasanathe mphindi ziwiri munthu akupopa mwa nthawi zonse, ndiye kuti malita osachepera 10 pa mphindi. Tiwerenge limodzi tanthauzo lake. Anthu 250, aliyense malita 20 pa tsiku, ndi malita 5,000. Pa malita 10 pa mphindi, mjigo uyenera kupopedwa mphindi 500, maola opitirira asanu ndi atatu osapumira. Ngati ndowa ikudzaza m'mphindi zinayi, madzi omwewo afuna maola pafupifupi 17, ndipo tsiku lilibe maola a dzuwa ochuluka chotero. N'chifukwa chake mzere umatalika, ndipo amayi ena amatopa n'kubwerera kuchitsime chakale.

Mjigo wofooka umadzinenera wokha matenda ake ngati muuyang'anitsitsa. Mukaupumitsa kwa mphindi zisanu kenako n'kufunika kupopa kambirimbiri madzi asanatuluke, ndiye kuti madzi akubwerera pansi: valavu ya pansi kapena paipi ikudontha. Ngati mkono wa pampu ukupepuka ndipo madzi akutuluka pang'ono kuyambira ndowa yoyamba, kawirikawiri labala ya m'kati yatha. Ziwirizi ndi ntchito ya makaniko wa m'dera, zolipiridwa ndi thumba la komiti ya mjigo. Koma ngati ndowa zoyamba zikudzaza bwino, kenako madzi n'kuyamba kuchepa mpaka kuleka, n'kudzabweranso mjigo ukapumula, vuto lili pansi pa nthaka: dzenje silikusunga madzi okwanira, kapena pampu inaikidwa pamwamba kwambiri. Limenelo ndi funso la kwa wokumba mjigo ndi amene anamuyang'anira. Pamenepo funsani chikalata cha kakumbidwe, chonena kuya kwa dzenje ndi zotsatira za kuyeza madzi pomwe ankamaliza, ndipo onani m'pangano ngati nthawi yoti wokumbayo akonze zolakwika mwaulere idakalipo. M'chitsanzo chathu, mjigo wachiwiri ukudzaza ndowa zisanu ndi imodzi bwinobwino kenako ukufooka. Kuyeza kotereku kumachitika bwino mu Okutobala kapena Novembala mvula isanayambe, pomwe madzi apansi amakhala atatsika. Mjigo woyezedwa mu Malichi ukhoza kukunamizani.

Tibwere ku ndalama. Tinene kuti mjigo woyamba uli ndi mabanja 50, ndipo anagwirizana K500 pa mwezi. M'miyezi isanu ndi umodzi buku la msungichuma likuonetsa K90,000 yolowa. Tikagawa ndi miyezi ndi K500 ija, tipeza kuti mabanja 30 ndiwo amapereka pa mwezi. Mabanja 30 mwa 50 ndi 60 pa 100, ndiye kuti cholinga cha atatu mwa anayi sichinakwane. Koma wapampando wa mjigo akutiuza kuti mabanja 10 a nkhalamba ndi a ana amasiye anakhululukidwa. Tikawachotsa, tikhala ndi 30 mwa 40, ndendende atatu mwa anayi. Ndalama ndi yomweyo, chigamulo chatembenuka. Wochita kauniuni sasankha nambala yomwe yamukomera. Amafufuza ngati chikhululukocho chinalembedwa m'malamulo a mjigo pachiyambi, ndi mayina a mabanjawo. Ngati chinalembedwa, chizindikiro chakwaniritsidwa. Ngati chatulukira lero pofuna kukongoletsa lipoti, sichinakwaniritsidwe. Mu lipoti lembani nambala zonse ziwiri ndi chifukwa chomwe mwatsatira imodziyo.

M'buku lomwelo mukupeza malisiti a K35,000 ya zipangizo ndi makaniko. Payenera kutsala K55,000, koma ndalama yomwe mwaiwerenga pamaso pa mboni ndi K40,000. Apa m'pofunika kudziletsa. Chomwe mwapeza n'chakuti K15,000 ilibe lisiti ndipo palibe m'thumba. Simunapeze wakuba. Mwina inakongozedwa pa maliro, mwina makaniko analipidwa popanda pepala, mwinanso inadyedwadi. Msungichuma afunsidwe payekha lipoti lisanawerengedwe, ndipo yankho lake lilembedwe pafupi ndi nambalayo. Kuweruza munthu ndi kwa komiti ndi mafumu, atamva mbali zonse.

Chizindikiro chachinayi ndicho chimakopa kwambiri, chifukwa aliyense amafuna kumva kuti ana asiya kudwala. Kaundula wa alangizi a zaumoyo akuonetsa kuti pachiyambi ana 40 anabwera ndi kutsekula m'mimba m'mwezi umodzi, ndipo mwezi wa kauniuni abwera 18. Pa maso, matenda atsika ndi kuposa theka. Koma onani masiku. Nambala yoyamba inatengedwa mu Febuluwale, pakati pa dzinja, pomwe madzi a mvula amakokolola zonyansa kulowa m'zitsime ndipo matendawa amachuluka chaka chilichonse. Yachiwiri ndi ya Okutobala. Matenda akanatsika ngakhale popanda mjigo. Febuluwale ayerekezedwe ndi Febuluwale, ndipo n'kwabwino koposa kuyerekeza miyezi itatu ya dzinja lino ndi miyezi yomweyo ya dzinja lapitalo, chifukwa mwezi umodzi umatha kukwera kapena kutsika mwangozi.

Ngakhale miyezi itafanana, funso lina likhalapobe: kodi n'chiyani chinanso chasintha? Kumbukirani mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo kolorini ankagawidwa m'midzi, katemera ankaperekedwa, ndipo uthenga wosamba m'manja unali paliponse. Pulojekiti ya mijigo yomwe inatha m'miyezi imeneyo sikanatha kunena kuti kusintha kulikonse kwa matenda kunachokera kwa iyo yokha. Njira yothandiza ndi kupempha alangizi a zaumoyo nambala za mudzi woyandikana nawo womwe sunalandire mjigo. Ngati kumenekonso matenda atsika mofanana, mjigo si umene wachititsa. Funsaninso ngati chipatala cha m'mudzi chinali ndi mankhwala miyezi yonse, poti mankhwala akasowa amayi amaleka kubweretsa ana, ndipo kaundula amaoneka ngati matenda achepa. Choncho chigamulo chathu pa chizindikirochi n'chakuti sitingaweruze panopa, ndipo tidzabwerera ku kaundula dzinja likatha. Chimenecho ndi chigamulo chathunthu, ndipo wochita kauniuni asachite nacho manyazi.

Tsopano lipoti. Komiti ndi ya anthu otanganidwa, ena mwa iwo amamva bwino powerengeredwa kusiyana ndi kudziwerengera, choncho masamba awiri kapena atatu m'Chichewa ndi okwanira. Tsamba loyamba likhale ndi tebulo, mzere umodzi pa chizindikiro chilichonse: mawu ake monga alili m'chikalata, nambala ya pachiyambi, cholinga, zomwe tapeza, komwe umboni wachokera, ndi chigamulo. Zigamulo zikhale zitatu zokha: chakwaniritsidwa, sichinakwaniritsidwe, kapena sitingaweruze panopa. Mawu onga akuti zikuyenda bwino, kapena akuti pali zovuta zina ndi zina, asapezekemo, chifukwa sauza munthu chochita. Zomwe mwapeza zomwe sizinali m'zizindikiro, monga chimbudzi chomangidwa pafupi ndi mjigo pa mtunda wosakwana mamita 30, zilembedwe pamalo pazokha, kuti zisasokoneze chigamulo komanso zisatayike.

Mu lipoti musiyanitse zinthu zitatu. Pali zomwe mwaona ndi kuyeza: mjigo wachiwiri umafooka ukatulutsa ndowa zisanu ndi imodzi. Pali zomwe mukuganiza kuti n'zochititsa: dzenje silikusunga madzi okwanira m'chilimwe. Pali zomwe mukupempha kuti zichitike. Munthu akhoza kutsutsa maganizo anu pa chochititsa koma n'kuvomerezabe muyeso wanu, ndipo mukaziphatikiza m'chiganizo chimodzi adzakana zonse pamodzi. Lipoti lisanafike ku komiti, lionetseni kwa omwe akukhudzidwa, monga komiti ya mjigo, bungwe lomwe linapereka ndalama ndi mlangizi wa za madzi. Iwo ali ndi ufulu wokonza nambala yolakwika akabweretsa umboni, koma chigamulo sachisintha. Pa chifukwa chomwechi, amene anayendetsa ntchito kapena kusunga ndalama zake asakhale m'gulu la kauniuni. Gululo likhale ndi membala wa ADC wochokera kwa gulupu wina, mlangizi wa boma, ndi amayi omwe amatunga madziwo tsiku ndi tsiku.

Pa tsiku la msonkhano yambani ndi kukumbutsa lonjezo, powerenga zizindikiro zinayi zija mawu ndi mawu. Kenako nenani mwachidule m'mene munayezera, mabanja angati, masiku ati. Pambuyo pake zigamulo, motsatira ndondomeko ya m'chikalata, osayamba ndi zokoma n'kukankhira zowawa kumapeto anthu atatopa. M'chitsanzo chathu mudzanena kuti mijigo itatu inakumbidwa pa nthawi yake, chakwaniritsidwa. Mabanja ofikira madzi akwera kuchoka pa 30 kufika pafupifupi 60 pa 100, cholinga chinali 80, sichinakwaniritsidwe. Pa mjigo woyamba zopereka zafika pa atatu mwa anayi chifukwa chikhululuko chinapezeka m'malamulo a mjigo, koma K15,000 ikufuna kufotokozedwa, ndipo mijigo inayo muiwerenge chimodzimodzi. Za matenda tidzaweruza dzinja likatha. Ena adzakwiya, ndipo adzafunsa chifukwa chomwe mukunyozera thandizo. Ayankheni mwaulemu, muwaonetse mapepala omwe munalembapo mayankho ndi miyeso, ndipo muwaitane kuti mukayeze nawo ndowa pa mjigo wachiwiri mawa lomwe.

Msonkhano usathe popanda mfundo zomangidwa, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Mlembi wa VDC alembere ofesi ya za madzi ku khonsolo, kudzera ku ADC, za mjigo wachiwiri pasanathe sabata, nthawi ya pangano la wokumba isanathe. Msungichuma abweretse malisiti kapena ndalama pa msonkhano wotsatira. Pempho la mabanja a kutsidya lilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya mudzi. Gulu la kauniuni libwerere kwa alangizi a zaumoyo mu Epulo. Zonsezi zilembedwe m'maminitsi, lipoti limatidwe pamenepo, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa kuti mfundozi zafika pati. Pomaliza, zotsatira zibwerere kwa eni ake pa msonkhano wa mudzi, chifukwa ndiwo anatuta mchenga ndi njerwa, ndiwo amapereka K500 ija, ndipo ndiwo anatitsegulira makomo awo pomwe tinkafunsa mafunso.

Pempho langa kwa inu apampando ndi ili. Mukabwerera kwanu, funafunani chikalata cha chitukuko chimodzi chomwe chinatha chaka chino m'dera lanu, muwerenge zizindikiro zake pa msonkhano wotsatira, ndipo musankhe anthu ndi tsiku loti akaziyeze. Chitukuko chatsopano chikabwera, musasaine musanaone kuti chizindikiro chilichonse chili ndi nambala ya pachiyambi, mwezi womwe inatengedwa, cholinga ndi tsiku lake.